Ndalama yomaliza izituluka tsiku la makiyi

Pa boma la Ntcheu pano anthu akamalemberana pogulitsana nyumba amalimbikira mtengo ndi mboni. Kwa ine ndime yaikulu ndi yonena chomwe chiyenera kuchitika kaye kuti gawo lililonse la ndalama lituluke.

Tinene mukugula nyumba ya K30 miliyoni ya pa malo a lizi, obwereka kuboma. Posaina perekani K3 miliyoni, mutafufuza kale ku ofesi ya zamalo kuti dzina la pa lizi ndi la wogulitsayo, komanso kuti nyumbayo si chikole cha ngongole kubanki. K15 miliyoni ituluke chilolezo cha boma chosinthira umwini chikapezeka. K12 miliyoni yotsalayo idikire tsiku lomwe wogulitsa wasaina mapepala osinthira dzina n'kupereka makiyi. Mukalemba masiku okha, "gawo lachiwiri pa 30 Juni", mudzakakamizika kulipira ngakhale wogulitsa asanaponde n'komwe ku ofesi. Lembaninso kuti mtengo ndi wa makwacha ndipo susintha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mawu amenewa ndi omwe ankateteza wogula wolipira pang'onopang'ono.

Tsiku lolowa likhale la pakalendala. "Ndikapeza kosamukira" si tsiku. Ndipo mawu oti mulandira nyumba yopanda munthu alembedwe, chifukwa makiyi mutha kupatsidwa m'nyumba ya kuseri muli walendi amene analipiriratu miyezi isanu ndi umodzi. Amuchotse ndi wogulitsa. Ngongole ya madzi ku Central Region Water Board ndi lendi ya malo ya kuboma zikhale zake kufikira tsikulo, ndipo nambala za pa mita zilembedwe nonse mukuona. Ngati papulotipo pali chimanga kapena kachewere, musavomere "ndikakolola". Wina amakumba n'kudzalanso.

Pa chilango cha kuchedwa m'pomwe ambiri amaonjeza mkwiyo. Kulemba kuti wochedwa azilipira K500,000 pa tsiku kumakoma papepala, koma khoti likhoza kukana ndalama yomwe cholinga chake n'kuopseza chabe, yosagwirizana ndi zomwe munthu wataya. Ngati nyumba yotere imachita lendi ya K150,000 pa mwezi, wogulitsa wochedwa kutuluka azilipira K5,000 pa tsiku, yochotsedwa pa K12 miliyoni ija. N'chifukwa chake gawo lomaliza lisakhale laling'ono: mukatsala ndi K500,000 yokha m'manja, mulibe chomufulumizitsa.

Wogula naye chilango chimukhudze. Akachedwa azilipira chiwongoladzanja chomwe mwalemba mlingo wake, alandire kalata yomupatsa masiku 14, akalephera mgwirizano uthe. Apa lembani momveka kuti wogulitsa asunga zingati, abweza zingati, pasanathe masiku angati. Chilolezo chikakanika popanda wolakwa, tsiku lomalizira kudikira likhalepo, ndipo K3 miliyoni ija ibwezedwe yonse.