Phindu la K7 miliyoni likhoza kuthera m'matumba ofumbwa

Maganizo anga ndi akuti amene amalandira lipoti la phindu la kampani n'kuthamangira mzere wotsiriza ndiye amapusitsidwa msanga. Yambani pamwamba, muzitsika.

Tiyerekeze kampani ya muno mu Zomba yogula mpunga kwa alimi a ku Chilwa n'kumagulitsa m'matumba. Mzere woyamba ukuti yagulitsa mpunga wa K200 miliyoni pachaka. Si ndalama zimene zili kubanki ayi, chifukwa ngakhale mpunga umene sukulu ina inatenga pangongole umawerengedwa momwemo. VAT salowamo, imeneyo ndi ya MRA.

Mzere wachiwiri, mtengo wa katundu amene wagulitsidwa, ndi umene ndimati muzikhalapo nthawi. Chaka chinayamba m'nyumba yosungiramo katundu muli mpunga wa K20 miliyoni, anagula wina wa K150 miliyoni, ndipo pakutha pa chaka watsala wa K30 miliyoni. Phatikizani ziwiri zoyambazo, chotsani wotsalayo, mupeza K140 miliyoni. Mukachotsa pa K200 miliyoni ija patsala K60 miliyoni, kutanthauza K30 pa K100 iliyonse imene agulitsa.

Koma K30 miliyoni ya mpunga wotsalawo anawerenga ndani? Ngati matumba a K10 miliyoni anafumbwa kapena kunyowa ndi mvula koma alembedwabe pa mtengo wogulira, phindu lakwezedwa ndi K10 miliyoni yomweyo. Mungazindikire poyerekeza ndi chaka chatha: ngati ankapeza K25 pa K100 ndipo lero akuti K30, pamene mitengo sinasinthe, funsani pepala lowerengera sitoko.

Zolipira zoyendetsera kampani sizivuta: malipiro a antchito K18 miliyoni, lendi K6 miliyoni, dizilo ndi magetsi K8 miliyoni. Pali K4 miliyoni ina imene palibe anailandira m'manja. Imeneyo ndi kutha kwa lole ya K40 miliyoni, mtengo wake ataugawa pa zaka 10. Zonse pamodzi ndi K36 miliyoni, ndiye malonda paokha abweretsa K24 miliyoni.

Kenako banki imatenga zake. Chiwongoladzanja cha K14 miliyoni chikusiya K10 miliyoni yokha. Apa zindikirani kuti mzerewu umaonetsa chiwongoladzanja chokha. Ngongole yeniyeniyo ikamabwezedwa sioneka mu lipotili, ngakhale imatuluka m'thumba lomwelo.

Msonkho wa makampani a m'dziko muno ndi K30 pa K100 iliyonse ya phindu, choncho tinene K3 miliyoni, ngakhale a MRA ali ndi kawerengedwe kawo pa zinthu ngati lole ija. Patsala K7 miliyoni.

Tsono bwererani ku matumba ofumbwa aja. Mukachotsa K10 miliyoni yawo, phindu lopezeka msonkho usanachotsedwe likufika pa ziro, pomwe eni kampani mwina agawana kale K7 miliyoni ija.