Malipiro ochepa sakutanthauza kuti ntchito ya munthuyo ndi yopanda phindu

Ambiri amati munthu amalipidwa molingana ndi zimene amapindulira bwana wake. Ine ndikutsutsa, makamaka kumadera kumene wolemba ntchito wamkulu ali mmodzi yekha, ngati mudzi wozunguliridwa ndi esiteti imodzi ya tiyi. Akatswiri a zachuma amatchula zimenezi kuti monopusoni, ndipo Joan Robinson anazifotokoza bwino mu 1933.

Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Esiteti ili ndi othyola tiyi 10, ndipo aliyense amalandira K4,000 patsiku, zonse pamodzi K40,000. Kuti ipeze wina wowonjezera, iyenera kukopa munthu wa mudzi wakutali, yemwe sangayende mtunda wonsewo popanda K4,200. Tinene kuti masamba amene angathyole angabweretsere esitetiyo K6,000 patsiku. Poyang'ana mwachangu, kumulemba n'kopindulitsa. Koma anthu ogwira ntchito imodzi m'munda umodzi sungawalipire mosiyana kwa nthawi yaitali, choncho onse 11 ayenera kulandira K4,200, zomwe zikukwana K46,200. Munthu mmodziyu wakweza ndalama za malipiro ndi K6,200, pamene iye akubweretsa K6,000 yokha. Bwana wodziwa masamu samulemba. Amaima pa anthu 10, ndipo malipiro amakhalabe K4,000, ngakhale kuti womalizira kulembedwa uja akubweretsa zoposa K6,000.

Mpata umenewu, wa pakati pa malipiro ndi zimene wantchito amabweretsa, sufuna bwana wankhanza. Umabadwa chifukwa chakuti wantchito alibe kwina kolowera: munda wake, ana ake ndi makolo ake ali pomwepo, ndipo ndalama yoyendera ingadye zonse zimene angawonjezere kwina. Kukanakhala maesiteti ambiri olimbirana anthu omwewo, wina akanapereka K5,000 n'kupindulabe, malipiro n'kumakwera mpaka kuyandikira K6,000. Pofuna kudziwa ngati dera lili m'vutoli, funso ndi lakuti: malipiro akatsika pang'ono, ndi angati amene amasiyadi ntchito? Ngati ndi ochepa, mphamvu ili ndi bwana.

N'chifukwa chake sindivomereza zakuti malipiro ochepetsetsa oikidwa ndi boma amathetsa ntchito nthawi zonse. Lamulo likanena kuti aliyense alandire K4,600, kulemba munthu wina sikukwezanso malipiro a anzake, ndiye mtengo wake ndi K4,600 basi, ndipo uja wobweretsa K6,000 amalembedwa. Akatswiri a zachuma David Card ndi Alan Krueger anaona zofananako ku New Jersey, m'dziko la America, kumene malipirowa anakwera kuchoka pa madola 4.25 kufika pa 5.05 pa ola mu 1992, koma ntchito m'malesitilanti sizinachepe. Malire alipo ndithu: m'chitsanzo chathu, lamulo likadutsa zimene womalizira amabweretsa, tinene likanena kuti aliyense alandire K7,000, esiteti iyamba kuchotsa anthu, ndipo n'chifukwa chake oika malipirowa ayenera kudziwa kukula kwa mpatawo asanatchule nambala.