Chenjezo: musamati “sichikupweteka” mukapeza chotupa m'bere

Ana anga, azimayi anzanga a kuno kwa Kachindamoto ndi inu a ku Ntcheu, lero ndikudzudzulani, ndipo amene akwiye akwiye. Ndagwira ntchito ya unamwino mpaka imvi zatuwa mbuu, ndipo pali mawu amodzi amene anditopetsa: “Amayi, ndinachiona kalekale, koma sichimapweteka.” Ndani anakuuzani kuti matenda amayamba aomba kaye belu? Chithupsa chimapweteka, inde, n'chifukwa chake mumathamanga nacho. Koma khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayamba mwakachetechete, kachotupa kolimba ngati njere ya mtedza, kosawawa, kosatentha. Ululu umabwera mochedwa, zinthu zitafika kale patali.

Ndikuuzeni za mwana wa mchemwali wanga, dzina ndisunga. Amakhala cha ku Bembeke uko, amalima mbatata ya kachewere n'kumakagulitsa pamsewu. Ali ndi zaka 38, akuyamwitsa mwana wake wachisanu, anamva kanthu kolimba kubere lakumanzere, chakumtunda moyandikira kukhwapa. Apongozi ake anati mwana wageyera bere, mkaka waundana, zitha zokha. Anathowa ndi madzi otentha. Patapita miyezi iwiri anagula makapisozi pamsika, anamwa masiku atatu n'kusiya. Kenaka anamutengera kwa sing'anga amene anamutema mphini kuzungulira chotupacho n'kupakamo mankhwala akuda. Atasiyitsa mwana kuyamwa, bere linalo linaphwa bwinobwino, koma ili ayi. Mkaka woundana uti umene umakhala mwana atasiya kale kuyamwa?

Anapitako pachipatala chaching'ono china, ndipo apa sindiikira kumbuyo anzanga a ntchito: anamupatsa panado popanda kumuvula n'komwe bulauzi. Iye naye sananene kuti chotupacho chatha miyezi isanu, anangoti “bere likundivuta.” Pamene ankandionetsa ine panali patatha miyezi isanu ndi inayi. Kanjere kaja kanali katafika ngati dzira la nkhuku, kosasuntha, nsonga ya bere italowa m'kati, kukhwapa kuli mwanabere wolimba. Anatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, anayamba ndi mankhwala a khansa a m'diripi kuti chotupacho chichepe, kenaka anachotsa bere lonse. Ali moyo, tikuthokoza Mulungu, ndipo akupitabe kukaonedwa. Koma madokotala amasiyanitsa kwambiri chotupa chosapitirira masentimita awiri ndi chimene chadutsa masentimita asanu n'kufika kukhwapa. Choyambacho mwayi wochira ndi waukulu zedi. Miyezi imeneyo anaitaya ndi madzi otentha ndi lezala. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsono imvani mmene mungadzipimire, chifukwa ambiri mumangofinya bere kamodzi posamba n'kumati ndapima.

Nthawi yake ndi kamodzi pamwezi, patapita masiku atatu kapena asanu mutamaliza kumwezi. Musanayambe kumwezi mawere amakhala otupa, olemera, odzaza timibulu, ndiye mukapima nthawi imeneyo mungodziopseza chabe. Inu amene munasiya kusamba, sankhani tsiku limodzi losaiwalika, kaya pa 1 mwezi uliwonse, kaya tsiku la msonkhano wa banki m'khonde. Woyamwitsa apime mwana akangomaliza kuyamwa, bere litafewa.

Yambani ndi maso. Vulani malaya, imani pakalilole pamalo owala. Ngati kalilole wanu ndi kachidutswa kaja kometera bambo, pemphani mchemwali wanu akuyang'anireni. Tinkasamba limodzi kumtsinje, manyaziwa mwawatola kuti? Yang'anani manja ali pansi, kenaka mutakweza manja onse m'mwamba, kenaka mutagwira m'chiuno mwamphamvu kuti minofu ya pachifuwa ilimbe. Kukweza manjako si masewera. Chotupa chikagwira khungu cham'kati, pamaoneka kadzenje ngati pamene mwadina chala pansima, ndipo nthawi zina kadzenjeko kamaoneka pokhapokha mwakweza manja. Bere lina kukula pang'ono kuposa linzake chibadwire si vuto. Vuto ndi kusintha kwatsopano.

Kenaka gonani chagada pamphasa kapena pabedi, pindani chitenje muike pansi pa phewa la mbali imene mukupima, mkono wa mbali imeneyo muuike kunkhongo. Mukatero bere limayalika pachifuwa, silibisa kanthu. Pimani ndi dzanja linalo, zala zitatu zapakati zitaphatikizana, ndipo mugwiritse ntchito mimba za zalazo, osati nsonga kapena zikhadabo. Musatsine bere pakati pa chala chachikulu ndi zinzake, chifukwa mukatsina, ngakhale bere labwinobwino limamveka ngati lili ndi chotupa. Dinani mozungulira pang'onopang'ono pamalo amodzi katatu: mopepuka kuti mumve zapansi pa khungu, mwapakati, kenaka mwamphamvu mpaka mumve nthiti. Mukatha, sunthani zala pang'ono osazinyamula. Yendani ngati mukupalira mizere, kukwera ndi kutsika, kuchokera pafupa la m'munsi mwa khosi mpaka pansi pa bere, kuchokera pakati pa chifuwa mpaka kukhwapa. Musalumphe mzere. Dera la kumtunda cha kukhwapa likhalitseni, chifukwa zotupa zambiri za khansa zimayambira kumeneko, ndipo kuseri kwa nsonga ya bere musakuiwale. Potsiriza, khalani tsonga, tsitsani mkono pang'ono, mulowetse zala m'khwapa. Ndikudziwa kuti Juni wa ku Dedza salola munthu kuvula nthawi yaitali. Pakani mafuta odzola m'zala kuti ziterere, mphindi khumi zakwana mawere onse awiri.

Mwezi woyamba mumva tinthu tambirimbiri n'kuda nkhawa. Bere mwachibadwa si losalala ngati phala. Fanizirani ndi linzake: chimene chili mbali zonse ziwiri pamalo ofanana kawirikawiri n'chachibadwa. Chimene mukufuna ndi chija chili chokhachokha, chosiyana ndi mnofu wozungulira, chimene mwezi watha panalibe.

Sindikufuna kukuopsezani mopitirira. Zotupa zambiri za m'mawere si khansa, pafupifupi zisanu ndi zitatu mwa khumi zilizonse. Atsikana ambiri amakhala ndi kachotupa kosalala, kozungulira ngati nzama, kothawathawa ukakagwira, ndipo kawirikawiri sikoopsa. Zina ndi timatumba ta madzi. Koma chala chanu si makina, ngakhale changa chimene chapima mawere ambirimbiri chimanama. Ntchito ya zala zanu ndi kupeza. Kunena kuti ichi n'chiyani ndi ntchito ya kuchipatala. Choncho chotupa chilichonse chatsopano chikaonedwe. Ngati mwakwana zaka 30, musapitirire nacho masabata awiri muli pakhomo, ndipo ngati n'cholimba ngati mwala, cha m'mbali mosalongosoka, chomata pakhungu kapena pachifuwa, pitani sabata yomweyo, ngakhale kumunda kuli kotani.

Palinso zina zimene si chotupa koma n'zofunika liwiro lomwelo. Nsonga ya bere imene inali yotuluka ikayamba kulowa m'kati kapena kupendekeka. Magazi kapena madzi oyera mbee akamatuluka okha kunsonga imodzi, osafinya, mwangopeza dontho pakamisolo. Khungu likakhuthala n'kuoneka timaenje ngati khungu la lalanje. Chilonda kapena tizilonda tonga zipere pansonga tikakana kupola. Mwanabere wolimba kukhwapa kapena pamwamba pa fupa la m'munsi mwa khosi, popanda bala lililonse pamkono. Zonsezi si zodikira kuti muone ngati zitha zokha.

Inu oyamwitsa ndi oyembekezera ndimvereni bwino, chifukwa ndinu amene mumanyengeka msanga. Bere likafiira, kutentha, kuwawa, thupi n'kumatentha ndi kunjenjemera, amenewo kawirikawiri ndi matenda a mkaka, ndipo mupite tsiku lomwelo lisanachite mafinya. Musasiye kuyamwitsa kapena kukama pokhapokha akuchipatala atakuuzani, pakuti mkaka ukatsalira ndiye zimaipiratu. Njira ya mkaka ikatsekeka, kachotupako kamaphwa m'masiku awiri kapena atatu mwana akamayamwa. Koma mukamaliza mankhwala amene anakupatsani, sabata yatha, bere likadali lofiira kapena chotupa chikadalipo, bwererani. Ilipo khansa ina imene imabwera ngati matenda a mkaka, bere lotupa ndi lofiira popanda chotupa chogwirika n'komwe, ndipo imathamanga. Kuyamwitsa kumachepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere, zoona, koma sikutseka khomo.

Mukafika kuchipatala, lankhulani. Safunsa anadya phula. Nenani mosabisa kuti “ndili ndi chotupa m'bere, ndinachipeza mwezi wakuti, chinali chotere, pano chafika potere.” Nenaninso ngati mayi anu, mchemwali wanu kapena azakhali anu anadwalapo khansa ya m'mawere. Onetsetsani kuti akupimani ndi manja mawere onse ndi m'khwapa, ndipo alembe m'buku lanu la kuchipatala kukula kwake ndi malo ake. Ngati mukufuna kuti pakhale namwino wamkazi, pemphani. Pachipatala chaching'ono akalephera kukuuzani chimene chili, pemphani kalata yopita kuchipatala chachikulu cha boma ku Dedza kapena ku Ntcheu. Kupima kwenikweni kumakhala patatu: manja a dokotala, sikani, ndi kutenga kachidutswa ka mnofu ndi singano kuti akakaunike. Chomalizachi ndicho chimanena zoona, ndipo si zoona kuti singanoyo imamwaza khansa. Zotsatira zimatenga masabata. Funsani tsiku lobwerera, siyani nambala ya foni yogwira, ndipo tsikulo likafika pitani ngakhale asanakuimbireni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limanena kuti kupima konseku kuyenera kutha m'masiku 60 kuchokera pamene mayi wafika koyamba kuchipatala. Miyezi iwiri ikadutsa musanadziwe yankho, kagogodeninso.

Za ndalama ndi foni zoika m'kamisolo zija, palibe umboni woti zimayambitsa khansa, ndiye musamadzitonthoze kuti ine sindiikamo kanthu. Khansa si matsenga a mkazi mnzanu, komanso sipatsirana. Mwamuna asasamuke pamphasa.

Inu abambo, musaganize kuti ndakuiwalani. Ambiri a inu ndinu amene mumayamba kuchimva chotupacho, n'kukhala chete. Ena mumakana ndalama ya minibasi yopita ku Lilongwe, koma ya maliro mumagulitsa mbuzi tsiku lomwelo. Ena mumaopseza mkazi kuti akachotsa bere banja latha, iye n'kuthawa opaleshoni. Mwamuna wa mwana wa mchemwali wanga uja anayamba choncho, mpaka malume ake anachita kumukhazika pansi. Dziwaninso kuti nanunso muli ndi mawere: mwa odwala khansa imeneyi 100, pafupifupi m'modzi amakhala mwamuna, ndipo kwa inu imamveka ngati kanjere kolimba kuseri kwenikweni kwa nsonga. Mukakamva, nyamulani buku lanu, mukakhale pamzere womwewo.