Ngalande yathu siisefukira chifukwa cha zinyalala zokha

Mvula ikangogwa yamphamvu kuno ku Thyolo, madzi n'kulowa m'magolosale a m'mbali mwa msewu, nyimbo yake imakhala imodzimodzi: anthu akutaya majumbo ndi mabotolo m'ngalande. Zoona, akutaya, ndipo n'zonyansa. Koma ine ndagwirapo ntchito yomanga ngalande zaka zingapo, ndipo maganizo anga ndi akuti ngalande ya pamsika wakwathu, ngakhale titaisesa mpaka kuwala ngati mbale, idzasefukirabe pamalo omwe aja.

Yang'anani pomwe imasefukira. Kumtunda, komwe msewu ukutsika chitunda, madzi amathamanga bwinobwino osafika n'komwe pamilomo. Vuto lili kumunsi, pomwe msewu wafika pathyathyathya, paja pamaima a kabaza. Pamenepo ndi pomwe mchenga wofiira umaunjikana chaka ndi chaka. Achimwene ena ogulitsa zitsulo pomwepo anandifunsa kuti, "Bwanji amisiri, ngalandeyi si imodzimodzi kuyambira kumtunda mpaka kuno?" Ndinawayankha kuti, "Vuto lake ndi lomwelo achimwene, kuti ndi imodzimodzi."

Ndinatenga tepi, chingwe ndi levulo n'kukayeza. Ngalandeyo ndi ya konkire, masentimita 60 m'lifupi, 60 kuya, makoma ake oongoka. Kutsetsereka kumayezedwa mosavuta: mukhoma chikhomo, mukoka chingwe cha mamita 10, muchiika pa levulo, kenako muyeza kuti pansi pa ngalande patsika bwanji kuchoka kuno kufika uko. Kumtunda ndinapeza kuti patsika masentimita 10 pa mamita 10. Kumunsi kuja patsika masentimita awiri ndi theka okha.

Mainjiniya amawerengera madzi oyenda m'ngalande pogwiritsa ntchito masamu a Robert Manning, injiniya wa ku Ireland amene anawatulutsa mu 1889:

Q = (1/n) × A × R^(2/3) × S^(1/2)

Musathawe, nkhani yake ndi yapafupi. Miyezo yonse ikhale m'mamita, ndipo Q ndi madzi odutsa pa sekondi imodzi, muichulukitse ndi 1,000 kuti mupeze malita. A ndi kukula kwa mpata womwe madziwo adzaza, m'lifupi kuchulukitsa ndi kuya. S ndi kutsetsereka kuja, kutsika kwa pansi kukugawa ndi utali wa chingwe. Kachilembo ka n kakuimira kukhakhala kwa pansi ndi makoma: konkire wosalala ali cha pa 0.015, pomwe pansi pa miyala ndi mchenga pali cha pa 0.025. R ndiye amazunguza anthu, koma ndi mpata uja A kuugawa ndi utali wa pansi ndi makoma omwe madzi akukhudza. Madzi akamakhudza khoma lambiri amakhuzika kwambiri, liwiro n'kuchepa.

Ndikaika manambala a kumtunda, ngalande yoyera itadzaza mpaka pamilomo, madzi amathamanga mamita awiri ndi kanthu pa sekondi, ndipo imanyamula malita pafupifupi 820 pa sekondi iliyonse. Ndiwo migolo inayi ya malita 200, mukangophethira yadutsa. Kumunsi, ngalande yomweyo, konkire yemweyo, yoyeranso chimodzimodzi, imanyamula malita 410 basi. Kutsetsereka kwachepa kanayi, mphamvu yake yachepa kawiri. Ndi mmene masamuwo amayendera: kuti madzi achuluke kawiri muyenera kutsetseretsa kanayi. Tsono pakabwera migolo itatu kuchokera kumtunda, pansi pakulandira iwiri, wachitatuwo ulowera kuti? Mu golosale ya achimwene aja.

Mwina wina anena kuti mvula yodzaza ngalande chonchi ndi ya Freddy yokha, ya mu Malichi 2023 ija. Ayi ndithu. Freddy anali wina, anagwetsa miyala m'phiri la Mulanje n'kukokolola milatho, ndipo palibe ngalande ya m'mbali mwa msewu imene ikanalimbana naye. Ine ndikunena mvula wamba ya mu Januwale. Tiyerekeze kuti ikugwa pa mlingo wa mamilimita 60 pa ola, ndipo magawo asanu ndi limodzi mwa khumi a madziwo akuyenderera pamwamba osalowa m'nthaka, monga zimakhalira pamalo a malata ambiri ndi mabwalo ogangatika. Hekitala imodzi ikutulutsa malita 100 pa sekondi. Mahekitala asanu a nyumba ndi tinjira ta kumtunda akatsanulira m'ngalande imodzi, ndiwo malita 500. Kumtunda adutsa mosavuta, kumunsi asefukira.

Choipa kwambiri n'chakuti vutoli limadzikulitsa lokha. Madzi othamanga amanyamula dothi la m'minda ndi m'tinjira, ndipo akafika pathyathyathya n'kuchepetsa liwiro, amalitula pomwepo ngati munthu wotopa ndi mtolo. Ngalande ija ikakwiririka theka, anthu amaganiza kuti yatsala ndi theka la mphamvu. Ikanakhala choncho bwenzi zili bwino. Mpata wachepa, madzi akukhudza pansi kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwake, komanso pansipo tsopano ndi pokhakhala. Zonsezi zikaphatikizana imatsala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Malita 410 aja asanduka pafupifupi 100. Apa ndi pomwe majumbo amabwera kudzamaliza ntchito, kukodwa pa tizitsulo ta masilabu ndi pakamwa pa kalavati.

Pa za maonekedwe, ndimamva anthu akuti ingokumbani yakuya, yopapatiza, kuti isadye malo a mabenchi. Yesani masentimita 30 m'lifupi ndi 120 kuya. Mpata ndi wofanana ndendende ndi wa 60 kwa 60 uja, koma makoma okhudza madzi atalika, ndipo pachitunda paja inyamula malita 630 m'malo mwa 820. Simenti yambiri, madzi ochepa, fosholo singalowemo pochotsa mchenga, komanso mwana akagweramo muli madzi simumuona. Pa ngalande ya makoma oongoka, yabwino kwambiri ndi imene m'lifupi mwake ndi kuwirikiza kawiri kuya kwa madzi.

Ndiye pathyathyathya paja pakufunika chiyani? Ndinawerengera: mita imodzi m'lifupi, kuya komweko kwa masentimita 60, ingathe kunyamula malita 840, kofanana ndi zomwe kumtunda kungatumize. Ndikanakondanso kuti pomwe chitunda chikuthera pakhale dzenje lotchera mchenga, lotakata, loti anyamata awiri n'kulikokolola ndi wilibala m'mawa umodzi. Amene amamanga ndi muyezo umodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi ndimawamvetsa, chikombole cha matabwa n'chimodzi, ntchito imafulumira, koma ine sindigwirizana nazo.

Masamu a Manning ali ndi malire ake. Amagwira ntchito pomwe madzi akuyenda momasuka m'ngalande yofanana kwa mtunda ndithu. Kutsogolo kukakhala kalavati yaing'ono, kapena munthu waika kapaipi n'kuthira dothi kuti galimoto izilowa pakhomo pake, madzi amabwerera m'mbuyo ngati damu, ndipo kukulitsa ngalande sikuthandiza kanthu. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta, bola mulole kunyowa. Mvula ili mkati, ponyani kamtengo m'madzi. Kakamayenda ndithu koma madzi ali pamilomo mtunda wonse, ngalandeyo yachepa kapena yasowa kutsetsereka. Kakamangozungulira pamodzi, kuseri kwa kalavati madzi ali otsika, chotsekereza chili pomwepo.

Ine ndinaponya kanga mwezi watha, ambulera ili m'manja, a kabaza akundiseka kuti mdala wapenga. Kanayenda, pang'onopang'ono, n'kukwera pamwamba pa khoma limodzi ndi madzi, kulunjika pakhomo pa achimwene a zitsulo, omwe anali ataimika kale matumba a mchenga.