Khadi siikhala yachipepeso

Anthu ena kuno ku Joni akundidabwitsa. Mnzathu wataya mayi ake, iwo n'kupita ku shopu kukagula khadi ya maluwa, ati akufuna kulemba pamanja. Maliro si tsiku lobadwa ayi. Wofedwayo akuthamanga ndi makalata otengera thupi kudzera ku Beitbridge ndi ku Mwanza, khadi aiwerenga liti? Muimbireni foni tsiku lomwelo, chipepeso muponye kwa msungichuma wa gulu, Loweruka mukakhale naye pa siwa.

Koma pa ukwati mpamene anthu omwewo amatumiza ka uthenga ka pa WhatsApp kokopera kwa wina, dzina la mkwati osalisintha n'komwe! Apa mpofunika khadi, ndalama mkati, dzina lanu lolembedwa bwino, chifukwa akwati amadzawerenga pambuyo kuti adziwe woti amuthokoze.

Nanga agogo kumudzi? Khadi ya pa positi ya kuno idzafika Khirisimasi itadutsa, ndiye kuli bwino kupatsira woyendetsa basi ku Park Station pamodzi ndi katundu. Ngati maso awo adafooka, khadiyo adzawawerengera ndi mdzukulu, zinsinsi zonse poyera. Ajambulireni mawu pa foni amve okha.