Chenjezo kwa inu odziumitsa madzi kuti mukwane pa sikelo

Ana anga ankhonya, a judo, ogwetsana, ndi inunso makochi awo, khalidwe ili lomavala mapulasitiki mkati mwa jekete nkumathamanga dzuwa lili phwee, kulavula malovu m'botolo tsiku lonse, kukana ngakhale kadontho ka madzi chifukwa mawa kuli sikelo, musiye. Ndikunena mosapsatira, mukusewera ndi imfa. Ndipo chimene chimandiwawa nchoti mumachita kunyadira, eti uyu ndiye wolimba mtima wagwetsa makilo 6 m'masiku anayi. Wagwetsa chiyani? Tiyeni tiwerengere limodzi.

Titenge mnyamata wa makilo 66 amene akufuna kumenya mu gulu la makilo 60, ndipo kwatsala masiku anayi. Mafuta a m'thupi sasungunuka mwachangu choncho ayi, kilo imodzi ya mafuta imasunga mphamvu yokwana makalori pafupifupi 7,700, ndiye ngakhale adzimane chakudya nkumachita jimu m'mawa ndi madzulo, pa masiku anayiwo mafuta enieni amene angachoke mwina ndi kilo imodzi basi, kawirikawiri safika nkomwe. Kwinako ndi chakudya chomwe chinali m'matumbo, koma mbali yaikulu ndi madzi. Lita imodzi ya thukuta ndi kilo imodzi pa sikelo. Thupi la mnyamatayu lili ndi madzi pafupifupi malita 40, iye akufinyamo malita anayi kapena asanu. Pomwe munthu akangotaya madzi okwana 2 peresenti ya kulemera kwake, kwa iyeyu ndi kilo imodzi ndi kachidutswa chabe, mphamvu zimayamba kale kutsika, mpweya kuchepa, maganizo kuchedwa. Iye wapitirira pamenepo katatu konse kenaka akuti akalowe mu ring'i.

Madzi amenewa sachokera pakhungu pokha, amachokanso m'magazi. Magazi akachepa nkukhala olimba, mtima umayamba kuthamanga kuti ukwanitse kuwapopa, nchifukwa chake mumamva chizungulire mukangoimirira, maso kuchita mdima. Impso nazo zimalandira magazi ochepa. Ndiye onjezani kuti mnyamatayu akulimbitsabe thupi mwamphamvu ali wouma chonchi, minofu imayamba kuphwanyika, zinyalala zake kulowa m'magazi nkukatseka impso zomwe zafooka kale. Mkodzo ukamatuluka wochepa, wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, musamaseke nkumati ndiye kuti zikuyenda, imeneyo ndi impso ikulira. Ena pamenepa amamwanso bulufeni chifukwa mutu ukuwawa, osadziwa kuti mankhwala amenewa pa thupi louma amapweteka impso kwambiri.

Koma chomwe chimapha mwachangu ndi kutentha. Thukuta limaziziritsa thupi pokhapokha likamauma ndi mphepo. Inu mwalitsekera mu pulasitiki, silikuuma, likungoyenderera, kutentha konse kukubwerera mkati, ndipo madzi opangira thukuta lina akutha. Thupi likafika madigiri 40 kupita mtsogolo ubongo umasokonekera, munthu amayamba kuyankhula zosamveka, kukwiya popanda chifukwa, kuyenda dzandidzandi, mpaka kugwa. Vuto lake wosokonekerayo sadziwa kuti wasokonekera, amangoti ndili bwino ndisiyeni kwatsala magalamu 300, ndipo anzake amamukhulupirira nkumubwezera mu sauna, chipinda chotentha kwambiri chotulutsira thukuta.

Izi sindikupeka ayi. Mu 1997 ku Amereka anyamata atatu a m'makoleji ochita masewera ogwetsana, Billy Saylor, Joseph LaRosa ndi Jeff Reese, anamwalira pa nthawi yosakwana masabata 6, onse akudziumitsa kuti akwane pa sikelo, wamkulu mwa iwo anali ndi zaka 22 zokha. Ndi maliro amenewo amene anachititsa bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji la NCAA kuletsa zovala za labala, sauna ndi mapiritsi okodzetsa. Mu Disembala 2015 Yang Jian Bing wa ku China, wa zaka 21, anamwalira ku Manila akukonzekera mpikisano womenyana wa kampani ya ONE Championship, ndipo zitatero kampaniyo inayamba kuyeza mkodzo wa osewera kuti ione ngati sanadziumitse. Ku Olimpiki ya ku Paris mu 2024, Vinesh Phogat wa ku India, katswiri weniweni wa masewera ogwetsana amene anali atafika kale mu fainolo, anachezera usiku wonse kufinya thupi, m'mawa anapezeka wapyola makilo 50 ndi magalamu 100 okha, anamuchotsa mu mpikisano ndipo anafunika thandizo la madokotala chifukwa cha kuuma. Ameneyo anali ndi madokotala pambali pake. Nanga iwe uli ndi ndani, mnzako wogwira wotchi?

Za mapiritsi okodzetsa aja, lasikisi ndi anzake, apa ndiye ndikalipe ndithu. Kochi amene amapatsa mwana mapiritsi amenewa si kochi. Amatulutsa madzi pamodzi ndi mchere wa potaziyamu, womwe mtima umadalira kuti ugunde mwadongosolo, ndipo potaziyamu akatsika mtima utha kusokonekera nkuima munthu ali chikhalire, osati ali mkati mothamanga ayi. Kukokana kwa minofu ndi mtima kudumphadumpha ndiye chenjezo lake. Komanso bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera pa dziko lonse, linawaletsa, akakupezani nawo mumkodzo mwaletsedwa kusewera.

Ndikudziwa yankho lanu, mumati tikangotsika pa sikelo timwa madzi zonse zibwerera. Sizibwerera msanga choncho. Pa kilo iliyonse ya madzi yomwe mwataya pamafunika kumwa pafupifupi lita imodzi ndi theka, okhala ndi mchere pang'ono, chifukwa ena amangodutsa nkutuluka ngati mkodzo. Mnyamata wathu uja ndiye kuti akufunika malita 6 kapena 7, pomwe matumbo amatha kulandira pafupifupi lita imodzi pa ola, mukakakamiza mumangosanza kapena kutsegula m'mimba. Thupi louma chonchi limafuna tsiku lathunthu ngakhale awiri kuti libwerere mwakale. Tsono ngati sikelo ili m'mawa wa tsiku lomenyana lomwelo, monga zimakhalira ku nkhonya za amene sanalowe ukatswiri wolipidwa, mwana amalowa mu ring'i miyendo ili lendelende, manja akugwa, chibakera osachiona chikamabwera, ndipo chimene akulandira ndi mutu. Dilipi nayo musaidalire, WADA salola yopitirira mamililita 100 pa maola 12 pokhapokha ndi chithandizo cha kuchipatala.

Mnyamata yemweyu akanayamba masabata 10 mmbuyo, kumatsika theka la kilo pa sabata pochepetsa chakudya pang'onopang'ono uku akumwa madzi bwinobwino, akanafika sabata yomaliza ali pa 61, kilo imodzi yotsalayo imachoka pongopepuza chakudya cha masiku awiri omaliza. Ngati pa 66 alibe kale mafuta oti nkuchotsa, gulu lake si la 60, akwere gulu basi. Ndipo ana amene akukulabe, osafika zaka 18, asamadziumitse nkomwe, makolo funsani zimene ana anu akuchita sabata ya mpikisano.

Mnzanu akayamba kusokonekera kapena wagwa, iwalani za sikelo. Mvuleni mapulasitiki onse, mpititseni pamthunzi, mthireni madzi ozizira thupi lonse kapena mviikeni m'madzi ozizira mutu uli kunja, kumukupiza, uku wina akuitana galimoto. Ngati akuzindikira bwino mpatseni madzi a mchere ndi shuga aja pang'onopang'ono, ngati wakomoka musamuthire chilichonse mkamwa angatsamwe, mgonekeni chammbali. Mukafika kuchipatala musabise, auzeni adokotala makilo amene wataya, pa masiku angati, ndi mapiritsi onse amene wamwa.