Chenjezo kwa a maminibasi ndi matakisi: lekani kuzunza anthu aulumali

Zimene ndaona sabata yatha pa siteji ina mumsewu wopita ku Area 25 zandikwiyitsa kwambiri, ndipo sindikhala chete. Bambo wina wosaona, wa ndodo yoyera m'manja, anauza kondakitala momveka bwino pamene akatsikire, koma minibasi inapitirira malowo ndi kukaima patsogolo chifukwa dalaivala anaona anthu awiri akubayitsa. Kondakitala anagwira bamboyo padzanja, kumukokera pansi minibasi isanaimitsitse, kumuunjikira chenje m'dzanja osatchula kuti ndi zingati, n'kumenya chitseko kuti tizipita. Bamboyo anatsala ataima m'mphepete mwa ngalande yosavindikira, nkhope italoza kumsewu, akufufuza ndi ndodo malo amene sanapondepo. Amene anamupulumutsa ndi mayi wogulitsa nthochi. Ife tonse okwera, akuluakulu a ndevu ndi amayi ovala bwino, tinangoti chete.

Kodi mnyamata iwe, sudziwa kuti munthu wosaona amasunga njira yake m'mutu? Amadziwa kuti akatsika pa siteji yake, kumanzere kuli mtengo wa magetsi, patsogolo pali kamlatho, ndipo akawoloka pamenepo walowa njira yakwawo. Ukamutsitsa mamita 50 patsogolo, wamulanda zonsezo, ndipo sadziwa n'komwe kuti wamusocheretsa chifukwa sunamuuze. Mawu oti “Bambo, tapitirira pang'ono, siteji yanu ili m'mbuyo kudzanja lamanja, ndipo pafupi ndi mapazi anu pali ngalande” akanakudyera ndalama zingati? Pakamwa pomwepo umatha kukuwa “Kawale, Kawale” tsiku lonse mpaka mawu kusasa, koma kutchula dzina la siteji minibasi ili paulendo kukukanika.

Ndipo inu odzitcha achifundo, amene mumathamangira kugwira munthu musanamulonjere, chenjezoli likukukhudzaninso. Ndodo yoyera sigwiridwa, sikokedwa, silandidwa kuti “tikusungireni”. Muyambe mwalankhula, munene kuti ndinu ndani, mufunse ngati akufuna thandizo. Akavomera, mupatseni mkono wanu kuti iye agwire pamwamba pa chigongono, inu muziyenda patsogolo pang'ono, osati kumukankha kumsana. Mukafika pa minibasi, ikani dzanja lake pamwamba pa khomo kuti adziwe poweramira, kenako pa chotsamira cha mpando, ndipo zotsalazo achita yekha. Ndi anthu angati amene aphulika pachipumi chifukwa wina anawakankhira m'kati osanena kuti denga lili pansi? Popereka chenje, tchulani ndalama imodziimodzi mukuiika m'dzanja lake. Wobera munthu wosaona pa chenje ndi mbala, palibe dzina lina.

Nanga za anzathu oyendera njinga ya olumala ndiyambire pati? Dalaivala akaona njinga pa siteji amayang'ana kumbali n'kuponda moto, ngakhale mipando ili yopanda anthu, ati munthuyo achedwetsa. Akaima, kondakitala amayamba ndi kulipiritsa njingayo ngati katundu, mwina mtengo wa mpando wathunthu. Kodi iwe unalipirapo miyendo yako pokwera minibasi? Munthu amene akupita ku chipatala cha Kamuzu Central kuchokera ku Chinsapo kapena ku Area 23 amakwera kawiri popita, kawiri pobwerera, ndipo mukalipiritsa njinga paliponse ndiye kuti ulendo wake wakwera mtengo kawiri, tisanawerenge womuperekeza. Mapeto ake ndi kulephera kupita ku chipatala pa tsiku limene anauzidwa. Oyendetsa ma Sienta nawonso musadziyeretse, chifukwa mumatchula mtengo wa hayala mukangoona ndodo kapena njinga.

Kunyamula kwake ndiye kochititsa manyazi. Anyamata awiri amagwira munthu m'khwapa, wina miyendo, n'kumuponya pampando ngati thumba la chimanga, mayi wamkulu chitenje chili pena, anthu akuonerera. Bwanji osafunsa mwini wakeyo, amene wakhala akukwera ndi kutsika kwa zaka zambiri? Ambiri amatha kudzisamutsa okha njinga ikayandikira khomo, mabuleki atamangidwa, zopondera mapazi zitapindidwa. Amene safuna kunyamulidwa asanyamulidwe. Njinga isanyamulidwe pogwira zotsamira manja kapena zopondera, chifukwa zimenezo zimazuka ndipo munthu amagwa chagada. Njinga yopinda imapindika pokoka pakati pa nsalu yokhalira, osati poiponda ndi bondo. Khushoni apatsidwe mwini wake akhalire, pakuti munthu wovulala msana akakhala pouma amatuluka zilonda zimene zimatenga miyezi kuti zipole, ndipo zina zimapha. Koma inu mumaponya njingayo kumbuyo pansi pa matumba a makala, n'kumanga chitseko ndi chingwe, ndipo pofika mumzinda gudumu lapindika. Adzakonza ndani, ndi ndalama za ndani?

Mpando wakutsogolo ndi umene uli pafupi ndi khomo ndi wa anthu amenewa, pamodzi ndi okalamba. Mnyamata wamphamvu amakhala pamenepo akuseweretsa foni, pamene gogo wa ndodo akukwawira kumpando wakumbuyo, kudutsa timipando topinda, m'minibasi imene apakiramo anayianayi pamzere wa anthu atatu. Akulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza, ndipo ndi mmene makabaza akugundirana m'misewu yathuyi mwambiwu usakudabwitseni.

Eni malo okwerera nawo asabisale kumbuyo kwa makondakitala. Pitani kumalo kumene maminibasi amaima mumzinda muno nthawi ya dzinja, mukaone matope, maenje, ngalande zopanda zivindikiro, mabenchi a malonda atatseka njira ya oyenda pansi, njinga zamoto zitaimikidwa pokwerera penipeni. Minibasi ya ku Likuni lero yaima apa, mawa yasamukira uko, oitanira akukuwa onse nthawi imodzi ndi kukokerana zikwama. Munthu wosaona adziwa bwanji imene ndi yake? Njira iliyonse ikhale ndi malo ake osasinthasintha, ndipo pakhale njira imodzi yosalala yopanda malonda. Komanso lekani kutinamiza ndi timitunda ta simenti timene mumamata pa masitepe. Muyezo wodziwika ndi wakuti pokwera sentimita imodzi pamafunika masentimita 12 a kutalika, choncho sitepe ya masentimita 15 ifuna potsetsereka pa masentimita 180. Inu mumamata theka la mita, njinga n'kugudubuzika chafutambuyo, kenako mumati tinawaganizira.

Musanene kuti anthuwa ndi ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu khumi aliwonse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali, ndipo ovutika kuona ndiwo ochuluka. Ngati simuwaona m'maminibasi mwanu, n'chifukwa munawatopetsa, anangokhala kunyumba. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, linakhazikitsa lamulo lake mu 2012, ndipo lina latsopano linabwera mu 2024. A FEDOMA, mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali, ndi a bungwe la anthu osaona la Malawi Union of the Blind alankhula mpaka kutopa. Kodi mwini minibasi amene amawerenga ndalama madzulo aliwonse anayamba wakhazika pansi dalaivala ndi kondakitala wake kuwauza kuti njinga silipira, siteji izitchulidwa, ndipo galimoto isanyamuke munthu asanakhale? Kapena ndi iye amene amawaikira ndalama ya tsiku yowathamangitsa ngati amisala?

Lekani khalidwe limeneli, ndipo inu okwera lekani kusuzumira pawindo pamene mnzanu akukokedwa. Manyazi akugwireni.